Kalata Yopempha Kanema m'Kalasi

Tsiku lina Loweruka madzulo tili cikhalire pakhonde, anatulukira mwana wa mlongo wathu amene aphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno kum'mawa. Anatipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse, koma nkhope yace inali yakugwa. Atakhala pansi anatulutsa pepala m'cikwama nati, "Amalume, taonani zimene andicita Ahedi." Pepalalo linali kalata imene iye analemba yopempha cilolezo coonetsa ana makanema. M'munsi mwace munali mau ocepa olembedwa ndi inki yofiira, akuti sukulu si nyumba yoonetseramo kanema, ndipo kuti silabasi ikali kutali.

Mtsikanayu anali m'caka cace coyamba ca uphunzitsi. Cimene cinamupweteka kwambiri si kukanidwako, koma kuganiza kuti akulu ace a nchito ayamba kumuona ngati waulesi, wofuna kukhazika ana patsogolo pa cithunzithunzi kuti iye apumule. Anayembekeza kuti ife timuima kumbuyo. Tinavala magalasi athu ndi kuwerenga kalatayo kawiri. Inali yaulemu ndithu. Inachula makanema asanu, inati ana adzalimbikitsidwa ndi kukonda sukulu, ndipo inapempha masana a tsiku Lacisanu. Titatha kuwerenga tinamuuza poyera kuti, "Amai, tikanakhala ife pa mpando wa Ahedi, tikanakananso."

Tinali ndi cifukwa conenera motero. Tili ana pa sukulu ya mishoni, nthawi zina kunkabwera galimoto ya kanema. Ankapacika nsalu yoyera pa cipupa, injini ndi kulira kuseri, ndipo mudzi wonse unkasonkhana. Mpaka lero tikumbukira fungo la utsi wa injiniyo, kuwala kodzaza ndi tizilombo touluka, ndi mfuu wa anthu pamene filimu inaduka. Koma mutatifunsa cimene makanema aja anafuna kutiphunzitsa, sitingakuuzeni ngakhale cimodzi. Panalibe amene anatiuza cinthu coti tiyang'anire tisanayambe kupenya, panalibenso amene anatifunsa funso titatha. Maso anakhuta, koma m'mutu simunatsale kanthu. Mphunzitsi wamkulu aliyense wa msinkhu wathu akumbukira zomwezo, ndipo akalandira kalata yonena za kanema, ndizo zimene zimabwera m'maganizo mwace.

Tsono tinamufunsa mwana wa mlongo wathuyo funso limene kalata yace sinayankhe: "Kodi ndi ciani kwenikweni cimene ana ako akulephera kumva?" Apa anamasuka nayamba kufotokoza monga mphunzitsi. Anali pa mutu wonena za mphamvu, ndi m'mene mphamvu imasinthira kucoka ku mtundu wina kupita ku unzace. Ana analoweza ciganizo cakuti mphamvu silengedwa ndipo siiwonongeka, koma ingosintha maonekedwe. Pakamwa ankacinena bwino lomwe. Koma atawafunsa kumene kumacokera magetsi a nyali ya njinga, ambiri analemba kuti magetsi amakhala m'kati mwa dainamo monga madzi mumtsuko, ndipo thayala likazungulira limangowatsegulira njira. Sanaone kuti mphamvuyo icokera m'miyendo ya wopalasa. Tinati, "Ico ndico ciyenera kukhala ciyambi ca kalata yako. Ahedi sasowa kuuzidwa kuti kanema ndi wabwino. Asowa kuona bala, kenaka aone ngati mankhwala ako ndi a bala limenelo."

Titagwirizana pamenepo, kusankha kunakhala kosavuta. Pa makanema asanu aja panali wina wa kwathu konkuno wochedwa I Am Not a Witch, amene anakonzedwa ndi Rungano Nyoni m'caka ca 2017. Ndi kanema womveka, ndipo angathandize pa phunziro lokamba za kuneneza anthu ufiti. Koma za dainamo mulibe, motero tinamucotsa. Ena atatu anagwa m'njira yomweyo. Anatsala mmodzi yekha, The Boy Who Harnessed the Wind, wa m'caka ca 2019, amene anakonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor.

Kanemayu asimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, kungodumpha malire athu a kum'mawa. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ace analephera kumulipirira sukulu ya sekondale, ndipo analeka. Anayamba kubwereka mabuku, napeza lina lochedwa Using Energy limene linali ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pa cikuto. Ali ndi zaka 14 zakubadwa anamanga makina ace ndi mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawatenthetsa ndi kuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko, mbali ina ya njinga ya atate ace, ndi dainamo ya njinga. Mbiri yace anailemba m'buku pamodzi ndi Bryan Mealer m'caka ca 2009, ndipo kanemayu anatengedwa m'buku limenelo. Mbali yaikulu ya zokamba zace ili m'Cicewa. Kwa ana athu ici ndi cinthu cacikulu, pakuti kawirikawiri sayansi imawafika m'cilankhulo ca eni ace ndi m'zithunzi za maiko akutali.

Koma panali vuto la nthawi. Kanemayu atenga mphindi 113, pamene phunziro limodzi pa sukulu yace ndi mphindi 40, ndipo akaphatikiza awiri zimakwana 80. Kupempha kanema yense ndiko kupempha maphunziro atatu athunthu, kapena kulanda nthawi ya aphunzitsi ena. Pamenepa ndi pamene makalata ambiri otere amafera. Tinamuuza kuti apite akamuonere yekha kanemayo ali ndi pensulo m'manja, alembe mphindi imene cigawo cofunika ciyambira ndi imene cithera. Anabwerako Lacitatu ali ndi zigawo zitatu. Coyamba ndi pamene William aona nyali ya njinga ya aphunzitsi ace iyaka gudumu likazungulira, ndi kuzima likaima. Caciwiri ndi pamene ayesa kamakina kakang'ono kamene kaliza wailesi pamaso pa anzace. Cacitatu ndi kumangidwa kwa makina aakulu aja mpaka madzi kutuluka. Anazidula kuti zonse pamodzi zisapitirire mphindi 24.

Cigawo ciriconse anacipatsa funso lace, loti lilembedwe pa bolodi kanema asanayambe. Pa coyamba: nyali yazima pamene gudumu laima, nanga magetsi apita kuti? Pa caciwiri: palibe munthu amene akupalasa, nanga ndani akugwira nchito ya miyendo? Pa cacitatu: londolani mphamvu kucokera ku mphepo kufikira ku madzi amene akukwera m'paipi, ndipo chulani paliponse pamene yasintha. Yankho la funso lacitatuli ndilo phunziro lonse. Mphepo yoyenda ikankha mapiko, mapiko azungulitsa gudumu la njinga, gudumu lizungulitsa kamutu ka dainamo, ndipo m'kati mwa dainamo maginito azungulira pafupi ndi waya wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri. Kuyenda kwa maginito pafupi ndi wayayo ndiko kumabweretsa magetsi. Maginito akaima, magetsi nawonso amatha nthawi yomweyo, pakuti panalibe cimene cinasungidwa m'katimo.

Kenaka tinafika pa nkhani imene tinatsutsana naye kwa nthawi ndithu. Kanema amasintha zinthu kuti nkhani ikome, ndipo uyu nayenso anatero. M'kanemamo makina oyamba aja ayendetsa pampu, madzi atuluka m'citsime, munda ubiriwira ndipo mudzi upulumuka ku njala. Zoona zace ndi zakuti makina oyamba a William anayatsa getsi limodzi, pambuyo pace magetsi anai ndi mawailesi a panyumba pao. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, ndi makina ena, anthu akunja atamva mbiri yace ndi kuyamba kumuthandiza. Mwana wa mlongo wathu anati, "Amalume, ndikalemba zimenezi Ahedi adzati kanemayo ndi wabodza, ndipo adzakananso." Ife tinati, "Ukabisa, mphunzitsi wina kapena mwana wocenjera adzazitulukira, ndipo tsiku limenelo udzataya zambiri. Komanso pamene kanema waonjezera ndi pamene pali samu yokoma koposa."

Tinatenga pepala ndi kuiwerengera pamodzi samuyo. Dainamo wamba ya njinga imalembedwa kuti ipereka mawati atatu. Wati imodzi ndi muyeso wina wa nchito, wochedwa julo, pa sekondi iriyonse. Kukweza cigubu ca madzi ca malita 20 kucokera m'citsime cakuya mamita 10 kufuna majulo pafupifupi 2,000. Pa ola limodzi dainamoyo ipereka majulo 10,800, ndiye kuti zigubu zisanu ndi pang'ono. Mphepo itaomba usana ndi usiku osaleka, ndipo popanda mphamvu yotayika m'njira, tsiku lonse lingatipatse malita pafupifupi 2,600. Nanga munda ufuna madzi ocuruka bwanji? Lima imodzi, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ikakhala ndi cimanga cokula m'nyengo yotentha, imwa malita oposa 12,000 pa tsiku. Motero dainamo ija singakwanitse ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai a lima imodzi. Ndipo m'coonadi mphepo imaleka, batire ndi pampu zimadya gawo lao, kotero kuti madzi enieni angakhale ocepa kuposa pamenepo. Angathirire kadimba ka ndiwo zamasamba, koma sangadyetse mudzi.

Samu imeneyi siicepetsa nchito ya mnyamata uja. Iwonetsa ana cifukwa cimene anayambira pa getsi, pakuti getsi laling'ono ndilo limene mphamvu yotero ikwanitsa. Iwaphunzitsanso kuti cimene aona pa cithunzithunzi angathe kuciyesa ndi pensulo. Kuti ana amve zoona kucokera kwa mwini nkhani, tinaonjezera kanema waciwiri wamfupi, wa mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, wa zimene William mwini wace anakamba pa msonkhano wa TED m'caka ca 2009. Mmenemo aonetsa zithunzi za makina ace enieni. Akamba m'Cingerezi cosavuta, ca kamvekedwe ka kwathu kuno, cimene ana angacitsate.

Cina cimene kalata yoyamba sinachule ndi zoopsa za m'kanemamo. Muli mfumu imene imenyedwa pa msonkhano wa ndale, anthu olanda cakudya m'nyumba ya eni ace, khamu lokankhana pogula cimanga, galu amene afa ndi njala, ndi mtsikana amene athawa ndi mphunzitsi. Ana amene ali m'kalasi lero anaona cilala ca 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko lathu lagwa m'tsoka, ndipo ena a iwo anagona ndi njala m'nyumba zao. Kwa mwana wotere zithunzi zimenezi si nthano ai. Mphunzitsi wamkulu ndiye amene adzayankha kholo likabwera kudzafunsa cimene mwana wace anaonetsedwa. Ncifukwa cace kalata iyenera kuchula zinthu zimenezi poyera ndi kunena kuti sizili m'zigawo zimene zasankhidwa. Tinamukumbutsanso kuti ena mwa ocita sewerolo si Acewa. Ejiofor mwini wace, amene ali tate wa William m'kanemamo, anacita kuphunzira cilankhuloci. Ana akamva kachulidwe kacilendo adzaseka, ndipo kuseka kukayamba phunziro lapita. Ndi bwino kuwauziratu, kuti aseke kamodzi ndi kutha.

Potsiriza tinakamba za zipangizo, pakuti nazonso zimagwetsa mapempho ambiri. Kodi kanemayo adzacokera kuti? Wogulidwa pamsika wokopedwa mwakuba sayenera kulowa m'kalasi, pakuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza eni a nchito zotere, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1994, ndipo sukulu singaphunzitse ana kuona mtima ndi katundu wakuba. Makanema a TED amaloledwa kuonetsedwa m'kalasi kwaulere. Wamkuluyo ali pa Netflix, pamene munthu amalipira kuti aonere ndi a m'nyumba mwace, motero kalata iyenera kunena zimenezi ndi kupempha Ahedi kuti afunse za cilolezo. Safunsa anadya phula. Nanga magetsi akathima, monga anathimira kwa maola ambiri m'caka ca 2024 madzi atacepa ku Kariba, phunziro lidzatani? Kalata yabwino ikhala ndi yankho lace.

Nayi tsono kalata imene inatuluka. Iye anailemba m'Cingerezi monga mwa mwambo wa m'maofesi, napititsa kudzera kwa mkulu wa cigawo ca sayansi kuti asainepo poyamba. Ife taiika m'cilankhulo cathu, ndipo maina ndi makeyala tawasiya.

"Kwa Aphunzitsi Akulu, kudzera kwa Mkulu wa Cigawo ca Sayansi.

"PEMPHO LA KUONETSA ZIGAWO ZA MAKANEMA AWIRI PA PHUNZIRO LA KUSINTHA KWA MPHAMVU

"Ndikulemberani mwaulemu za kalasi langa la sayansi. Pa mayeso a mlungu watha ana ambiri analemba kuti dainamo imasunga magetsi m'kati mwace. Mapepala ao ndawaphatikiza ku kalata ino. Ndafotokoza mutuwu kawiri pa bolodi, koma maganizo amenewa sanacoke.

"Ndipempha cilolezo coonetsa zigawo zitatu za The Boy Who Harnessed the Wind, zokwana mphindi 24, ndi zokamba za William Kamkwamba za m'caka ca 2009, za mphindi 6. Ndidzagwiritsa nchito nthawi yanga ya mphindi 80 ya Laciwiri, ndipo sindidzatenga nthawi ya mphunzitsi wina aliyense. Mphindi 10 zoyamba ana adzayankha mafunso asanu. Pambuyo pa cigawo ciriconse tidzaima mphindi 5 kuti ayankhe funso la pa bolodi. Mphindi 15 adzayesa okha njinga yokhala ndi dainamo imene ndidzabwera nayo. Mphindi 10 zotsiriza adzajambula njira ya mphamvu m'makope ao. Pakatha mlungu adzayankhanso mafunso asanu aja, ndipo zotsatira zonse ziwiri ndidzazibweretsa ku ofesi yanu.

"Ndaonerera kanema yense. Muli ndeu, njala ndi nkhani ya cibwenzi ca mphunzitsi, koma zimenezi sizili m'zigawo zimene ndasankha. Mphindi zoyambira ndi zothera za cigawo ciriconse zili pa pepala laciwiri. Kanemayu aonetsanso makina oyamba akupopa madzi, zimene sizinacitike motero. Ndidzawauza ana zimenezi, ndipo phunziro lotsatira tidzawerengera madzi amene dainamo ingakweze.

"Ndidzafuna purojekita ya sukulu ndi cipinda cimene mazenera ace angachingidwe. Laputopu ndi sipika ndidzabweretsa ndekha. Palibe ndalama imene mwana adzapereka. Kanema wamfupi ndi wololedwa kuonetsa m'kalasi. Pa wamkulu ndipempha uphungu wanu za cilolezo, ndipo cikapanda kupezeka ndidzaonetsa wamfupi yekha. Magetsi akathima, phunziro lidzapitirira ndi njinga. Ndingakondwe mutaona zigawozi inu eni ace tsikulo lisanafike, ndiponso mutadzakhala nafe m'kalasi.

"Ine wanu womvera, mphunzitsi wa sayansi."

Taonani kusiyana kwace, awerengi. Kalata yoyamba inapempha masana onse pa makanema asanu, ndipo inalonjeza cilimbikitso cimene palibe angaciyeze. Yaciwiri inapempha mphindi 30 za kupenya m'kati mwa phunziro la mwini wace, ndipo inapereka kwa Ahedi njira yodziwira ngati zathandiza kapena ai. Yoyamba inawasiyira mafunso onse kuti adziyankhire okha. Munthu wotanganidwa akapatsidwa mafunso ambiri opanda mayankho, yankho lapafupi kwa iye ndilo kukana.

Ahedi anasunga kalatayo masiku angapo. Anaitanitsa laputopu naonera zigawo zija mu ofesi mwao, anafunsa kwa akulu a maphunziro za cilolezo cija, ndipo pambuyo pace anabvomera. Anaika lamulo limodzi lokha, lakuti citseko cikhale cotseka ndipo ana a makalasi ena asaunjikane pa mazenera. Pa tsikulo anabwera nakhala pa benci lakumbuyo.

Sitikuuzani kuti zonse zinayenda bwino, pakuti sizinatero. Sipika imene anabwereka inali yaing'ono, ndipo m'cipinda ca malata codzaza ndi ana, a kumbuyo sanamve mau. Mau a Cingerezi olembedwa m'munsi mwa cithunzi nawonso anali aang'ono kwa iwo. Mphunzitsi anataya mphindi zingapo kusuntha mabenci. Iye anayesa zipangizo zace dzulo lace m'cipinda copanda anthu, momwe mau amamveka patali, osadziwa kuti matupi ndi zobvala za ana ambiri zimameza mau. Amene afuna kuonetsa kanema m'kalasi aike mtima pa makutu koposa pa maso. Cithunzi cofooka ana amacipirira, koma mau akasowa amayamba kuceza.

Cinanso cinaonekera patapita mlungu, ana atayankhanso mafunso asanu aja. Funso la kumene mphamvu icokera, ambiri tsopano analikhoza. Anaona ndi maso ao kuti nyali imazima gudumu likaima, ndipo atazondotsa njinga ija ndi kupukusa okha, anamva m'manja mwao kuti gudumu limalemera dainamo ikaligunda. Kulemera kumeneko ndiko mtengo wa kuwala, ndipo palibe amene anauiwala. Koma funso la zimene zicitika m'kati mwa dainamo linawagwetsa monga kale. Cifukwa cace ndi cakuti kanema aonetsa dainamo kunja kokha. Maginito ndi waya wokulungidwa uja sizioneka. Mphunzitsi anayenera kupita kwa wokonza njinga pamsika, napempha dainamo yakufa, naitsegula pamaso pa ana, ndi kuwapatsa kuti aliyense agwire maginito ndi kuona ulusi wamkuwa. Akanapanda kufunsa mafunso omwewo kawiri, akanaganiza kuti zonse zamveka, pakuti ana anatuluka m'kalasi tsiku lija ali okondwa kwambiri. Cimwemwe ca ana si umboni wakuti aphunzira.

Zotsatira zonse anazipereka ku ofesi monga analonjezera, zabwino ndi zoipa zomwe. Atiuza kuti Ahedi anaziwerenga mwakacetecete, kenaka anamufunsa mutu umene udzatsatire, ndiponso ngati ali ndi kanema wina wa mutuwo. Iye anayankha kuti alibe, ndipo kuti mutu umenewo ufuna coko ndi bolodi cabe. Tikhulupirira kuti yankho limeneli ndilo linamaliza kucotsa dzina laulesi lija.

Kwa inu makolo anzathu, mwana akabwera kunyumba nati lero tinaonera kanema ku sukulu, musafulumire kukwiya ndiponso musafulumire kuyamika. Mufunseni funso limene aphunzitsi analemba pa bolodi asanayambe kuonera. Akalikumbukira ndi kuyesa kuliyankha, dziwani kuti kumbuyo kwace kunali kalata yolembedwa bwino ndi mphunzitsi amene anakonzekera. Akangokusimbirani za galu ndi za ndeu, nkhaniyo mukaifunse mwaulemu pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Ndipo ngati pakhomo panu pali njinga ya dainamo, izondotseni madzulo ano, mumuuze mwanayo apukuse, ndipo akufotokozereni cifukwa cace gudumu lalemera.